Kashi yanga yashota ndi K90,000, lipoti ndilembe bwanji?

Funso: Akulu, ndine telala pa banki ina kuno ku Chikwawa, ndangotha miyezi 7 pa ntchito. Dzulo linali tsiku la malipiro, pobalansa madzulo ndapezeka ndashota ndi K90,000. Tawerenga kawiri ndi a supavaiza koma osapezeka, andiuza ndilembe lipoti. Mnzanga wina akuti ndingokongola ndalama ndibwezeremo nkhani ife, wina akuti ndingolemba kuti ndavomera kulakwa andikhululukire. Usiku sindinagone. Ndilembe chani?

Pepani achemwali, mtima ukhale m'malo kaye. Ine pa kauntala ndakhalapo zaka zambiri, kenako nkukhala supavaiza konkuno ku chigwa, ndiye kusagona kumeneko ndikukudziwa bwino. Anzanu awiriwo amakukondani koma onse akukusokeretsani, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Tiyambe ndi chimene lipotilo lili, chifukwa atelala ambiri amaphonya pomwepa. Lipoti la shoti si kalata yopepesa ayi. Ndi pepala loti munthu amene kunalibe tsiku limenelo, manijala, odita wochokera ku Blantyre, mwina mpaka a khoti zikavuta, aliwerenge nkuona tsiku lanu lonse ngati anali pambali panu, kuti munayamba ndi zingati, zinalowa zingati, zinatuluka zingati, zimayenera kutsala zingati, munapeza zingati, ndipo mutaona kusiyanako munachita chani, nthawi yanji, ndi ndani. Mukalemba zimenezi bwinobwino pepalalo limathandiza kupeza ndalamazo, komanso limakutetezani inuyo.

Musanagwire cholembera dziwani kuti shoti ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi ya papepala, ndalama sizinapite kulikonse koma nambala imene sisitimu ikukufunsani ndi yolakwika chifukwa munataipa molakwika penapake. Ina ndi ya m'manja, ndalama zenizeni zinatuluka pawindo mopitirira kapena zinalowa zoperewera. Kuwerenga kashi kawiri kuja, olo kakhumi, kumangotsimikiza zimene zili mu dirowa basi, sikungakuuzeni kuti shotiyo ndi ya mtundu uti. Chimene chimasiyanitsa ndi mavocha. Ndiye pemphani a supavaiza akusindikizireni mndandanda wa zonse zimene munapositi dzulo pa nambala yanu, muike mavocha onse pa tebulo, masilipi a dipoziti mbali ino a kutapa mbali iyo, muzichonga imodziimodzi, ndipo pochongapo muziyang'ana zinthu zitatu nthawi imodzi, manambala amene kasitomala analemba, mawu amene analemba, ndi zimene zatuluka pa sisitimu. Osachita nokha. Wina aziwerenga vocha mokweza inu muzichonga pa mndandanda, chifukwa diso limene linalakwitsa masana limaonanso zomwezo madzulo.

Tsono nambala yanuyo, K90,000, imayankhula kwambiri, ndipo ine nditangoiona mtima unatsikako pang'ono. Igaweni ndi 9, ikukwana ndendende, 10,000. Shoti ikamagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri ndi zala zimene zinasemphanitsa manambala pa kiibodi kapena kuonjezera ziro. Taonani, munthu wabwera kudzaika K450,000 inu nkutaipa K540,000, sisitimu ikufunsani K90,000 imene simunalandire. Kapena waika K10,000 inu chala nkugunda ziro wina kukhala K100,000, kusiyana kwake ndi K90,000 yomweyo. Zimachitikanso mbali ya kutapa, munthu watapa K100,000 mwampatsa bwinobwino koma mwapositi K10,000. Ndiye pochonga paja muyambire mavocha a K10,000, K100,000, ndi onse amene manambala awiri oyambirira akusiyana ndi 1, monga 120 ndi 210, 230 ndi 320, 450 ndi 540. Sindikunena kuti shoti iliyonse yogawika ndi 9 ndi ya zala ayi, koma ndi pamalo poyambira potchipa kwambiri.

Mukalephera apo igaweni pakati, K45,000. Fufuzani ngati panali munthu amene anatapa K45,000. Ngati munamupatsa ndalama zake koma pa sisitimu nkupositi ngati waika, ndiye kuti dirowa yatsika ndi K45,000 pomwe sisitimu yakwera ndi K45,000, zikakumana ndi K90,000. Cholakwika chimenechi chimakonda tsiku la anthu ambiri pamene mwangomaliza madipoziti atatu otsatizana ndiye dzanja lazolowera sikirini imodzi. Muonenso K90,000 yeniyeniyo, mwina pali dipoziti ya K90,000 imene inalowa kawiri chifukwa netiweki inazengereza inu nkudinanso, kapena munthu anatapa K90,000 magetsi nkuthima jenereta isanadzuke, inu nkumupatsa ndalama poganiza kuti yadutsa pomwe siinadutse. Ndiponso musaiwale ndalama za pakati pa inu ndi sefa kapena telala mnzanu. Pa tsiku la malipiro timabwerekana kwambiri, mnzako akuti tandipatseko ma K1,000 ndathedwa chenji, iwe nkupereka ukuti tilembe kenako, kenakoyo osafika. Ngati mnzanu wina dzulo anapezeka ndi ndalama zopitirira, olo zisafanane ndendende ndi zanu, zimenezo zilowe mu lipoti.

Mavocha onse akagwirizana ndi sisitimu, apo ndiye tavomereza kuti shoti ndi ya m'manja, ndipo chida chotsala ndi kuwerenga mapepala a ndalama mtundu ndi mtundu. Ndikukhulupirira kuti kuseri kwa vocha iliyonse mumalemba kuti mwapereka kapena mwalandira ma K5,000 angati, ma K2,000 angati, ngati simulemba yambani lero. Mumatenga mtundu umodzi, tinene K5,000, nkuwerenga kuti m'mawa munali nawo angati, a ku sefa angati, olowa ndi makasitomala angati, otuluka angati, ndiye amayenera kutsala angati. Mukapeza kuti ma K5,000 akuperewera 18 pomwe mitundu ina yonse ili bwino, ndiye kuti mapepala 18 anatuluka mopitirira kapena munalandira bandulo yoperewera. Mukapeza ma K5,000 akuperewera 30 koma ma K2,000 achuluka ndi 30, ndiye nkhani ndi yosakaniza, pa pepala lililonse mwaluza K3,000, kuchulukitsa ndi 30 ndi K90,000 yanu ija. Mukapeza ma K1,000 akuperewera 90, ganizirani munthu amene amayenera kulandira mapepala 10 a K1,000 koma dzanja linatola bandulo yathunthu ya mapepala 100. Kumbukiraninso kuti nkhope pa ndalama zathuzi zimabwereza, a Kamuzu ali pa K1,000 komanso pa K5,000 imene inatuluka mu 2022, a Chilembwe ali pa K500 komanso pa K2,000 ya mu 2016, ndiye munthu wotopa amene akungoona nkhope osaona nambala amatha kupusitsika, makamaka pepala likakhala lakuda ndi lotha.

Ndipo kuno ku chigwa ndalama zimavuta kugwira kusiyana ndi kumtunda, amene sanagwireko ntchito kuno sangamvetse. Mwezi wa Okutobala kapena Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu wachokera ku Ngabu kapena ku Bangula ndalama wazimangirira m'chiuno kapena pa mpango ulendo wonse, zikufika pawindo zili zonyowa ndi thukuta, za ogulitsa nsomba ndiye zimachita kumatana, makina owerengera amazikana kapena kumeza ziwiri ngati imodzi. Zatsopano zochokera ku sefa nazo zimamatana mwa mtundu wake, ndipo zimenezi ndi zoopsa polipira chifukwa mukawerenga pamanja mumapereka 11 mukuti 10. Izi sindikukuuzani kuti mukalembe ngati chowiringula ayi. Mu lipoti mungolemba ngati makina anavutadi tsiku limenelo, nthawi yake, komanso amene munamuuza.

Tsopano lipoti lenilenilo. Ku banki mulemba mu Chingerezi monga mwa ntchito, ndipo ngati pali fomu yake ya shoti mudzaze imeneyo, koma ine ndikuikirani mu Chichewa kuti mumve mutu wake, manambala ndangoyerekeza inu muike anu. Pamwamba dzina lanu, nambala yanu ya utelala, kauntala imene munakhala, tsiku limene shoti inachitika ndi tsiku limene mukulemba, kupita kwa manijala kudzera kwa supavaiza. Kenako chiganizo choyamba chinene nkhani yonse, motere:

"Pa tsiku lakutilakuti, nthawi ya 4:20 madzulo, pobalansa kauntala 2, ndinapeza kuti kashi ya m'manja ikuperewera ndi K90,000 poyerekeza ndi balansi ya pa sisitimu. Ndinauza a supavaiza nthawi ya 4:25."

Taonani kuti palibe moni wautali, palibe ndine mwana wamasiye, palibe satana anandiyesa. Pambuyo pake masamu:

"Ndinatsegula ndi K2,000,000. Ndinalandira ku sefa K6,000,000 maulendo awiri, K4,000,000 nthawi ya 8:10 ndi K2,000,000 nthawi ya 12:40. Madipoziti onse anali K4,350,000. Zonse zolowa pamodzi ndi zotsegulira K12,350,000. Ndinalipira makasitomala K8,120,000 ndipo ndinabweza ku sefa K2,500,000 nthawi ya 3:15, zotuluka zonse K10,620,000. Zoyenera kutsala K1,730,000. Zimene tinapeza K1,640,000."

Ndiye K1,640,000 imeneyo muiphwanye, osangoilemba yathunthu. Ma K5,000 analipo 200 ndiye K1,000,000, ma K2,000 analipo 250 ndiye K500,000, ma K1,000 analipo 110 ndiye K110,000, ma K500 analipo 40 ndiye K20,000, ma K200 analipo 35 ndiye K7,000, ma K100 analipo 20 ndiye K2,000, ma K50 analipo 20 ndiye K1,000. Muonkhetse nokha ndi kakyuleta musanapereke, chifukwa lipoti la shoti limene masamu ake akulakwikanso limaononga mbiri ya telala kuposa shoti yeniyeniyo, odita amangoti ngati akulephera kuonkhetsa atakhala phee, nanga pa mzere wa anthu 200 zimakhala bwanji. Pepala lowerengera kashi limene munasainirana ndi a supavaiza dzulo likhale kumbuyo kwa lipoti, ndipo manambala ake afanane ndi a mu lipotimu mpaka pa K50 yomaliza.

Gawo lotsatira ndi limene ine ndimaliwerenga kwambiri ndikalandira lipoti, zimene munachita mutaona shoti. Mulembe motsatana ndi nthawi, kuti ndinawerenganso ndekha, kenako tinawerenga ndi a supavaiza pamanja ndi pa makina, tinamasula mabandulo onse, tinatulutsa dirowa nkuyang'ana kuseri kwake, pansi pa kauntala, mu bini, mkati mwa makina owerengera, pakati pa mavocha, tinachonga mavocha angati mwa angati, tinafunsa atelala ena ndi a ku sefa ngati abalansa. Chimene simunachite musalembe kuti munachita. Ngati K2,500,000 imene munabweza ku sefa siinawerengedwenso, lembani kuti siinawerengedwenso ndipo mukupempha kuti iwerengedwe mabandulo anu asanasakanizidwe kapena kupatsidwa telala wina, chifukwa shoti zambiri zimagona mmenemo, bandulo imene munamanga mothamanga ili ndi mapepala 118 m'malo mwa 100, mapepala 18 a K5,000 ndi K90,000 yomweyo. Nchifukwa chake pa kapepala komangira bandulo timadinda sitampa ndi kusaina, kuti idziwike mwini wake. Ichi chokha chikufunika changu, mukachedwa mawa m'mawa bandulo ija ipita kwa kasitomala.

Kenako mulembe zachilendo za tsikulo, koma zoona zokhazokha ndi nthawi zake. Magetsi anathima cha m'ma 11:30 sisitimu nkubwerera 11:50, pa nthawi imeneyo ndinali pakati pothandiza kasitomala wa vocha nambala yakuti. Ndinachoka pa kauntala 1:05 kupita kukadya nkubwera 1:30, dirowa ndinakhoma kiyi ndinali naye, sikirini ndinatseka. Cha m'ma 2 koloko kasitomala wina anasintha maganizo nditawerenga kale, anati ndimusinthire ma K2,000 akhale ma K5,000, ndalama zinabwerera mkati nkutulukanso. Chomalizachi muchisamale, chifukwa akuba a pawindo amagwiritsa njira imeneyi, amakupatsani ndalama muwerenge, nkuzitenganso akuti dikirani ndichotsepo, nkubweza atasolola zina pansi inu nkulandira osawerenganso. Lamulo lake ndi loti ndalama ikangobwerera m'manja mwa kasitomala olo kwa sekondi imodzi, kuwerenga kumayambiranso. Ngati zoterezi zinachitika dzulo, nthawi imene mulembe ndi imene ithandize oyang'ana makamera, palibe amene angakhale pansi kuonera maola 8 a kanema, koma mukati pakati pa 1:50 ndi 2:10 aona. Ndipo mupemphe mu lipoti momwemo kuti kanema wa tsiku limenelo asungidwe, chifukwa makina a makamera amafufuta zakale akadzaza.

Apa pali povuta pamene ndikufuna mundimvetse. Bwanji ngati pa zoonazo pali cholakwa chanu, mwachitsanzo munapita ku chimbudzi dirowa osakhoma, kapena munalandira bandulo kwa kasitomala wodziwika osaimasula chifukwa mzere unafika panja? Lembani. Lembani ngati chinthu chimene chinachitika, mwachidule, osadzitukwana. Kamera inaona kale, ndiye lipoti likanena kuti dirowa inali yokhoma nthawi zonse pomwe kanema akuonetsa ina, nkhani yasintha, sitikukambanso za telala amene analakwitsa koma telala wonama, ndipo ku banki wonama sakhalitsa. Koma kulemba kuti sindinakhome dirowa kwa mphindi 4 ndi kosiyana kutalitali ndi kulemba kuti ndavomera ndalamazi ndataya ndine. Choyambacho mukuchidziwa, chachiwiricho simukuchidziwa, inuyo panopa simukudziwa kumene K90,000 ili, ndiye muvomera bwanji chinthu chimene kafukufuku sanapeze? Mnzanu wachiwiri uja akuganiza kuti kugwada kufewetsa mitima ya mabwana, koma pepala limakhala mu fayilo zaka, anthu amene adzaliwerenge mtsogolo sadzaona misozi yanu, adzaona siginecha pansi pa mawu oti ndavomera. Mawu abwino ndi awa, "Mpaka pano chifukwa cha shotiyi sichinapezeke. Kauntala 2 inali m'manja mwanga tsiku lonse ndipo ndili wokonzeka kuthandiza pa kafukufuku aliyense." Pamenepo udindo mwauvomera, mlandu simunadzipatse.

Chimodzimodzinso osaloza chala munthu. Olo mumtima mukukayikira mnzanu wa kauntala 3 kapena bambo ena amene anatapa zambiri, mu lipoti musalembe kuti ndikuganiza kuti anaba ndi uje. Lembani kuti nthawi yakuti uje analowa mu kachipinda kanga kudzatenga sitampa, ngati analowadi, basi, owerenga aona okha. Makasitomala muwatchule ndi nambala ya vocha, ndipo ngati pali mavocha awiri kapena atatu amene mukuona kuti mwina mpamene munapereka mopitirira, atchuleni kuti afufuzidwe ndi chifukwa chake. Ndipo chonde chonde musakwere kabaza kupita kunyumba kwa kasitomala kukafunsa nokha, kapena kutenga nambala yake pa sisitimu nkumuimbira pa foni yanu. Kuno timadziwana tonse, wina ndi wa mpingo wanu wina ndi mlamu wa a neba, ndiye zimaoneka zophweka, koma za mu akaunti ya munthu ndi chinsinsi cha banki, ndipo mukapita nokha iye akakana ndiye mwatseka njira, mwinanso nkukadandaula kuti mwamunamizira kuba. Amene amaimba ndi manijala kapena supavaiza, ataona kaye kanema. Anthu ambiri akafunsidwa mwaulemu amabweza, ine ndinaonapo mayi wina wogulitsa mbuzi atabwera yekha m'mawa ndi ndalama zimene tinamupatsa mopitirira, akuti anaziona atafika kunyumba.

Tsopano za mnzanu woyamba uja, zokongola ndalama nkubwezeramo mwakachetechete. Kwa inu nzosatheka kale poti a supavaiza akudziwa, koma ndikufuna mudziwe chifukwa chake kuti tsiku lina mukadzashota muli nokha musadzayesere. Pa buranchi ina imene ndinagwirako, nyengo yogula thonje, mtsikana wina wakhama kwambiri anashota ndi K60,000. Anali asanatsimikizidwe pa ntchito ndiye anachita mantha, anatuluka ngati akukagula madzi, nkukatenga ndalama kwa wakatapila, nkuika mu dirowa, nkubalansa bwinobwino, tonse tinapita kunyumba osadziwa kanthu. Patapita masiku awiri ochonga mavocha anapeza kuti dipoziti ina ya K60,000 inalowa kawiri mu akaunti ya wogula thonje wina. Kukonza kwake kunali kosavuta, kungobweza imodziyo. Koma funso linabwera pompo, ngati sisitimu inali ndi K60,000 yabodza, iyeyu anabalansa bwanji tsiku limenelo? Amayenera kushota. Ndalama zinachokera kuti? Anafotokoza zoona zake akulira, ndipo tonse tinamukhulupirira kuti sanabe olo tambala, koma kwa akuluakulu nkhani inali yoti telala amene angalowetse ndalama za m'thumba mu dirowa mobisa angathenso kutulutsa mobisa, komanso anasaina pepala la balansi limene ankadziwa kuti si loona. Ntchito inatha, ngongole ya katapila nkutsala nayo. Akanangonena madzulo omwewo, shoti ija ikanafufutika yokha pa tsiku lachitatu popanda iye kulipira kalikonse. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira, chifukwa ndinali pa kauntala yoyandikana naye ndipo sanandiuze.

Njira yoyenera ndi yoti shotiyo imalembedwa poyera, a supavaiza amaipositi ku akaunti ya banki yosungirako mashoti ndi zopitirira, kuti dirowa yanu iyambe tsiku lotsatira ndi ndalama zimene zilipodi, ndipo imakhala kumeneko mpaka kafukufuku atathe. Ikapezeka kuti inali ya papepala amakonza nkuichotsa. Ikapanda kupezeka, mabanki ambiri amafuna telala abweze, kawirikawiri podula pang'onopang'ono ku malipiro, ndipo zimenezi zimakhala mu kontirakiti yanu ndi mu buku la malamulo a atelala, ndiye muwerenge zimene munasainira polowa ntchito musanasaine pepala lina lililonse lovomera kudulidwa. Kubweza kudzera njira imeneyi, ndi risiti kapena pa pepala la malipiro, ndi kosiyana ndi kuponya ndalama mu dirowa mobisa. Mukapatsidwa pepala loti musaine pompopompo, muli ndi ufulu wopempha kuti muliwerenge kaye, ndipo lisanene zambiri kuposa zimene lipoti lanu lanena.

Za kuopa kuchotsedwa ntchito, shoti imodzi imene mwainena nokha nthawi yomweyo si chinthu chimene telala amathamangitsidwira mwachisawawa, chimene mabwana amayang'ana ndi kubwerezabwereza ndi kubisa. Ndiponso lamulo la za ntchito la dziko lino la chaka cha 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata woyankha pa zimene akumunenera. Zikafika poitanidwa ku bwalo la pa ntchito, chimene adzayale pa tebulo ndi lipoti lomweli, ndipo nkhani ikapitirira mpaka ku ofesi ya zantchito pa boma kapena ku khoti la nkhani za ntchito, lidzatsatanso. Ndiye zimene mulembe lero zikhale zoti mukhoza kudzazibwereza pakamwa patatha chaka osasintha olo liwu limodzi.

Kutalika kwake tsamba limodzi kapena limodzi ndi theka zakwana, zina zonse zikhale zomata kumbuyo, pepala la kashi losainidwa ndi anthu awiri, mndandanda wa pa sisitimu, masilipi a ku sefa. Lembani lero lomwe mutu ukadakumbukira kuti ndani anabwera nthawi yanji, mukagona kawiri anthu a tsiku la malipiro amasakanikirana onse. Mukalakwitsa polemba pamanja musafute ndi inki yoyera ija, dulani mzere umodzi nkusaina pambali, kapena yambiraninso pepala lina. Musaine, muike tsiku ndi nthawi, ndipo amene akulandira asaine kuti walandira. Pemphani kope ya lipoti lanulo musunge, koma mavocha ndi mapepala okhala ndi maina ndi maakaunti a makasitomala musawajambule pa foni kapena kupita nawo kunyumba, ndipo nkhaniyi isalowe pa gulu la WhatsApp la anzanu.

Mukafika m'mawa zitseko zisanatsegulidwe, pemphani zinthu ziwiri musanakhale pa kauntala, mabandulo amene munabweza ku sefa dzulo amasulidwe pamaso pa anthu awiri, ndipo wina akhale nanu muchonge mavocha kuyambira a K10,000, a K100,000 ndi a K45,000. Zimene mupeze pamenepo, kaya zapezeka kaya ayi, muzionjezere pansi pa lipoti ndi nthawi yake musanalipereke kwa a manijala.